Kuwerengera malipiro a wogulitsa m'sitolo

Tinene kuti wogulitsa nsapato ku Limbe amalandira K130,000 pamwezi, kuphatikizapo komishoni ya 3 peresenti pa zomwe wagulitsa. Mwezi uno wagulitsa katundu wa K2,000,000, koma makasitomala abweza wa K100,000. Komishoni imawerengedwa pa K1,900,000 yotsalayo. Gawani ndalamayi ndi 100, mupeza K19,000. Chulukitsani katatu, ikwana K57,000. Mukaphatikiza ndi K130,000 ija, malipiro onse ndi K187,000, asanachotsepo za penshoni ndi msonkho.

Mkangano umabuka pa katundu wotengedwa pangongole: mabwana ena amapereka komishoni pokhapokha kasitomala akalipira. Gwirizanani zimenezi polemba musanayambe ntchito, ndipo muzisunga kabuku kanu ka zogulitsa tsiku ndi tsiku.