Musanalowetse katundu m'nyumba ya lendi, yambani mwajambula ndi kusayinirana

Mkangano wa pakati pa mwininyumba ndi wochita lendi kawirikawiri umabuka tsiku lobweza makiyi. Mwininyumba amaloza galasi long'aluka, siling'i yothimbirira ndi chitseko chofumbwa, n'kunena kuti ndalama ya dipoziti yathera pomwepo. Wotulukayo amalumbira kuti zonsezo anazipeza zili choncho. Nthawi zambiri palibe amene akunama mwadala pa awiriwa. Papita chaka kapena ziwiri, ndipo aliyense akukumbukira nyumbayo momwe zikumukomera. Chimene chingathetse nkhani yotereyi ndi umboni wosonyeza momwe nyumba inalili tsiku lolowa, ndipo umboniwo umapangidwa ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi: zithunzi zodziwika tsiku limene zinajambulidwa, ndi mndandanda wolembedwa umene onse awiri asayinira.

Nthawi yabwino yogwirira ntchitoyi ndi pamene nyumba ili yopanda kanthu, masana dzuwa likuwala, galimoto ya katundu isanafike. Mukangolowetsa mipando ndi makabati, ming'alu ya m'makoma imabisika, komanso mwininyumba amapeza ponenera kuti tailosi yoswekayo inaphwanyidwa ndi anyamata onyamula katundu. Nyumba ya zipinda zogona zitatu imafuna ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Mwininyumba kapena ejenti wake akhalepo, ndipo muziyenda limodzi chipinda ndi chipinda.

Mndandandawu sufuna fomu yapadera. Mapepala atatu kapena anayi a m'kope ndi okwanira. Pamwamba lembani tsiku, nambala ya poloti kapena ya nyumba, dera, ndi mayina a mbali zonse ziwiri. Kenako chipinda chilichonse chikhale ndi gawo lake, ndipo chinthu chilichonse chikhale pa mzere wake wokhala ndi nambala: pansi, makoma, siling'i, mawindo ndi zitsulo zake zotchinga akuba, chitseko ndi loko, masoketi ndi maswichi. Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa mawu ofotokozera. Kulemba kuti “zili bwino” kapena “n'zakutha” sikuthandiza aliyense, chifukwa chimene chili bwino kwa wina n'chakutha kwa mnzake. Mzere wothandiza umatchula chinthu, malo ake ndi kukula kwa vuto, mwachitsanzo: “14. Chipinda chogona cha kummawa, windo loyang'ana kumsewu: galasi lammunsi kumanzere lili ndi mng'alu wa masentimita 20, magalasi ena asanu ndi athunthu.” Taonani kuti mzerewu watchulanso zimene zili zabwino. Zimenezi zimateteza mwininyumba, ndipo n'chifukwa chake iye savutika kusayinira.

Zithunzi zimatsatira manambala omwewo. Mukalowa m'chipinda, imani pakhomo ndi kujambula chipinda chonse, kenako mujambule muli pa ngodya ya mbali inayo kuti makoma onse anayi aoneke. Mukapeza vuto, lijambuleni kawiri: koyamba muli chapatali kuti zidziwike kuti lili pati, kachiwiri muli pafupi. Chithunzi cha pafupi chokha n'chofooka, pakuti mng'alu wa pakhoma loyera ungakhale wa nyumba iliyonse ku Ndirande kapena ku Mchesi. Pojambula cha pafupicho, ikani pambali pa vutolo kapepala kolembedwa nambala ya mzere wake, ndi chinthu chodziwika kukula kwake monga rula kapena bokosi la machesi. Mng'alu ukadzakula m'tsogolo, bokosi la machesi lija ndi limene lidzasonyeze kuti unayamba wotani.

Pali zinthu zimene chithunzi sichinganene. Mpopi wosatseka bwino, soketi yakufa, giza yosatenthetsa madzi ndi loko yovuta kutsekula zimaoneka zabwinobwino pa chithunzi. Zoterezi zimafuna kuyesedwa. Tengani tchaja ya foni muyese soketi iliyonse, tsegulani mpopi uliwonse, gujumulani chimbudzi ndi kudikira kuona ngati thanki yake ikudzaza n'kusiya. Kiyi aliyense alowe mu loko yake, ndipo chiwerengero cha makiyi amene mwalandira chilembedwe. Pa zinthu zoyenda kapena zodontha, kanema wa masekondi khumi amaposa zithunzi zisanu.

Mamita akufunika kuwachedwera pang'ono, chifukwa ndi pamene pamabisala ngongole za anthu ena. Pa mita ya madzi, kaya ndi ya Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena bungwe la madzi la m'chigawo chanu, jambulani nambala ya mitayo pamodzi ndi manambala osonyeza madzi amene adutsa. Pa mamita ambiri, manambala akuda amawerenga makiyubiki mita, ndipo kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Ofiira amawerenga tizigawo tocheperapo. Pemphani kuona bilu yomaliza ndi lisiti yake, muzijambule, ndipo ngongole iliyonse yotsala ilembedwe pa mndandanda ndi dzina la amene adzailipire. Mukadali pomwepo, tsekani mipopi yonse, muwerenge mita, mudikire theka la ola, n'kuwerenganso. Manambala ofiira akasuntha, ndiye kuti madzi akutayika penapake, mwina mu thanki ya chimbudzi kapena mu paipi ya pansi pa nthaka, ndipo bilu ya madzi otayikawo idzagwera inu ngati simulemba.

Mita ya magetsi ya ESCOM yogulira mayunitsi ilibe vuto lalikulu la ngongole ya mwezi ndi mwezi, koma jambulani nambala yake, mayunitsi otsala, ndi chidindo chotsekera mitayo. Chidindo choduka kapena mawaya olambalala mita ndi chizindikiro chakuti wina analumikiza magetsi mwachinyengo. Akadzabwera oyendera, woyamba kufunsidwa ndi amene wapezeka akukhala m'nyumbamo.

Nanga tsiku la chithunzi limatsimikizika bwanji? Foni imasunga tsiku ndi nthawi mkati mwa fayilo ya chithunzi chilichonse, koma munthu angathe kusintha tsiku la pa foni yake, choncho wotsutsa akhoza kukayikira. Njira yolimba ndi kutumiza zithunzizo kwa mwininyumba tsiku lomwelo, pa WhatsApp kapena pa imelo, ndi kumupempha ayankhe kuti walandira. Pamenepo tsikulo lili pa mafoni awiri, ndipo palibe angalikane yekha. Dziwani kuti WhatsApp ikamatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachichepetsa ndi kuchotsa zambiri zosungidwa mkati mwake. Mukasankha Document potumiza, fayilo imapita monga momwe ilili. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga a pa intaneti ngati umboni, kotero makambirano amenewa si ongocheza ayi. Ena amayamba ndi kujambula tsamba loyamba la nyuzipepala ya tsikulo ali pakhomo la nyumbayo. N'zothandiza ndithu, koma zimangosonyeza kuti chithunzi sichinajambulidwe tsikulo lisanafike, pakuti nyuzipepala yakale munthu angaisunge n'kudzajambula nayo chaka chamawa. Ndipo popeza mafoni amabedwa m'maminibasi tsiku ndi tsiku, zithunzizo zisungidwenso pa imelo kapena pa foni ya wachibale.

Mukamaliza kuyendera, lembani pansi pa mndandanda chiwerengero cha zithunzi zimene zajambulidwa ndi nambala ya foni imene zatumizidwako. Onse awiri asayine tsamba lililonse, osati lomaliza lokha, kuti wina asadzalowetsepo tsamba lachilendo. Malo otsala opanda kanthu adulidwe ndi mzere. Mboni imodzi, monga woyandikana naye nyumba kapena mfumu ya m'deralo, isayinenso, ndipo aliyense atenge kope lake. Ngati mwininyumba walonjeza kukonza kanthu, lonjezolo lilembedwe pa mzere wa chinthucho pamodzi ndi tsiku lomalizira kukonza. Eninyumba ena amakhumudwa, n'kumati, “Kodi simukundikhulupirira?” Yankho laulemu ndi lakuti, “Bambo, pepalali likutetezanso inuyo ndikadzaononga kanthu.” Akakanabe kusayina, tumizani chithunzi cha mndandandawo pamodzi ndi zithunzi zina zija, kuti pakhale umboni wakuti munamudziwitsa pa tsikulo.

Tiyerekeze banja limene lalowa m'nyumba ya zipinda zitatu ku Area 25 mu Lilongwe pa 1 Seputembala, litapereka dipoziti ya K300,000. Patatha chaka likutuluka, ndipo mwininyumba wabwera ndi zodula zake: magalasi awiri K40,000, siling'i ya pabalaza K90,000, chitseko cha kubafa K70,000, ngongole ya madzi K60,000, loko ya chitseko cha kukhitchini K40,000. Zonse pamodzi zakwana K300,000 ndendende, monga zimakonda kukhalira.

Atatsegula mndandanda, mzere 14 ukusonyeza kuti galasi limodzi linali long'aluka kale. Linalo linaswedwa ndi mpira wa ana, ndipo banjalo likuvomera K20,000. Siling'i ili pa mzere 6, ndi chithunzi cha banga lofiirira lalikulu ngati mbale ya nsima pafupi ndi babu. Bangalo linali louma mu Seputembala, koma linkasonyeza kuti denga linkadontha mvula ya chaka chapitacho, ndipo uthenga wa mu Januwale wodandaula za kudonthako ulipo pa foni. Chitseko cha kubafa chinalembedwa kuti chinali chitaola kale mmunsi. Pa madzi, chithunzi cha bilu ya mu Ogasiti chikuonetsa ngongole yakale ya K45,000 imene yakhala ikungoyenda pa bilu, choncho ya banjalo ndi K15,000 ya mwezi womaliza. Loko yokha ndiyo yawagwetsa. Mayi wa m'nyumbamo akunenetsa kuti inkavuta kuyambira tsiku loyamba, koma palibe anaiyesa, ndipo mzere wake unalembedwa kuti “ikugwira ntchito”. Atachotsa K75,000, banjalo lalandira K225,000.

Nkhani ya siling'iyo ikuonetsa malire a umboni wa tsiku limodzi. Wolowa m'nyumba m'chilimwe saona denga likudontha, kapena madzi akulowera pansi pa chitseko, kapena chinyezi chikukwera m'makoma. Choncho ndi bwino kulemba pa mndandanda kuti mavuto obisika amene adzaonekere m'masiku 14 oyambirira, komanso pa mvula yoyamba, adzawonjezedwa akadzajambulidwa ndi kutumizidwa kwa mwininyumba.

Malire ena ndi akuti mndandanda umanena momwe nyumba inalili, koma sugamula amene ayenera kulipira zinthu zongotha ndi ukalamba. Penti imazilala, simenti ya pansi imaperepeseka podutsa anthu, ndipo mpira wa mkati mwa mpopi umatha ngakhale wokhalamo akhale wosamala chotani. Zimenezi n'zosiyana ndi kuboola khoma kapena kuswa sinki. M'matauni athu, eninyumba ambiri amayembekezera kuti wotuluka apente nyumba. Ngati mwagwirizana zimenezo, zilembedwe mu mgwirizano wa lendi, ndipo mndandanda unene ngati munapeza penti yatsopano kapena yakale, ya mtundu wanji, m'zipinda ziti. Tsiku lotuluka, nyumba ikakhalanso yopanda kanthu, tengani mapepala omwe aja, muyende mizere yomweyo kuchokera pa 1, mukujambula mutaima pamalo omwe munaima poyamba paja, kenako mulembe manambala a mamita ndi kuwerenga makiyi musanawapereke.