Makina akakana nambala ya chitupa chanu, lembani kalata yomveka

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa. Amafunsira malo pa sukulu ina yaukachenjede kudzera pa intaneti, ndipo tsiku lotseka linali Lachisanu. Ndalama ya fomu makolo ake anali atalipira kale. Koma akalemba nambala ya chitupa chake cha unzika, makina ankangoyankha ndi zilembo zofiira kuti "Invalid ID number", kutanthauza kuti nambalayo ndi yolakwika. Chikhalirecho chitupacho ndi chenicheni, chochokera ku NRB, ndipo masiku ake anali asanathe.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu makolo ndi maanja achinyamata mwakumanapo ndi zoterezi pofunsira ntchito, sukulu kapena ngongole. Chiyambire kalembera wa unzika wa mchaka cha 2017, nambala imeneyi yasanduka kiyi wa zitseko zambiri. Tsono kiyi akakana, mumatani?

Mdzukulu wangayo anali atalembera kale imelo a ku ofesi yothandiza anthu pa tsambalo. Nditamuuza kuti andiwerengere, inali ya mawu atatu okha: "Sizikutheka, chonde ndithandizeni." Panali patapita masiku awiri popanda yankho. Ndinaseka, ngakhale zinali zomvetsa chisoni. Zaka zomwe ndinagwira ntchito ya unamwino ndinkakumana ndi odwala ongonena kuti "ndikudwala" basi. Kodi pakupweteka ndi pati? Zinayamba liti? Mwamwapo mankhwala anji? Popanda mayankho amenewa ngakhale dokotala wodziwa bwanji amasowa pogwira. Wowerenga imelo yanu nayenso ali chimodzimodzi. Sakuona foni yanu, sakukudziwani, ndipo makalata ena ambiri akumudikira.

Musanalembe, yambani mwadzifufuza nokha. Nambala ya chitupa cha unzika cha kuno kwathu ili ndi malo 8, zilembo zosakanikirana ndi manambala. Apa ndi pomwe ambiri timapunthwa, chifukwa 0 amafanana ndi O, 1 amafanana ndi I, ndipo 8 pa chitupa chofufutika amaoneka ngati B. Khalani powala, wina aziwerenga chitupa mokweza, inu muzilemba chimodzichimodzi, kenako muwerenge ngati zakwana 8. Musakopere nambalayo kuchokera mu uthenga wa pafoni, chifukwa nthawi zina imabwera ndi kampata kosaoneka kumapeto, ndipo makina amakawerenga ngati chilembo chachisanu ndi chinayi. Onaninso ngati pa fomupo mwasankha mtundu woyenera wa chiphaso. Mukasankha pasipoti n'kulemba nambala ya chitupa cha unzika, akukanani ndithu.

Chachiwiri, werengani bwino mawu omwe makina akukuuzani, poti sikuti onse amatanthauza chinthu chimodzi. "Invalid ID number" nthawi zambiri amatanthauza kuti makina sakuizindikira nambalayo kapena kalembedwe kake. "ID already exists" ndi nkhani ina: nambalayo ilimo kale, mwina munalembetsapo chaka chatha n'kuiwala, mwinanso munthu wina anailemba molakwitsa kapena mwadala. "Details do not match" ndiye kuti nambala yapezeka, koma dzina kapena tsiku lobadwa likusiyana ndi zomwe iwo ali nazo. Izi zimavuta kawirikawiri amayi omwe anasintha dzina atakwatiwa, komanso mukasinthanitsa tsiku ndi mwezi, monga 03/07 m'malo mwa 07/03. N'chifukwa chake m'kalata muyenera kukopera mawuwo monga momwe alili, osawamasulira m'mawu anuanu.

Ife tinachita zonsezi. Tinayesa pa foni yake, tinayesanso pa kompyuta ya mnansi wathu, yankho limodzimodzi. Apa m'pamene tinakhala pansi n'kulemba kalata yachiwiri. Pa mutu wa imelo tinalemba m'Chingerezi, poti ndi pomwe diso la wowerenga limayambira:

```
Valid National ID rejected - application closes Friday
```

Mkati mwake, titapereka moni ndi dzina lake lonse monga lilili pa chitupa, tinalemba mfundo izi, zomwe ndaziika m'Chichewa kuti tonse timvane:

"Ndikufunsira malo a chaka choyamba, ndipo ndikukanika pa tsamba lachiwiri la fomu, pomwe pakufunika nambala ya chitupa cha unzika. Ndikalemba nambala yanga, yomwe ndaiika m'munsimu, pakubwera mawu akuti 'Invalid ID number'. Ndayesa Lolemba madzulo ndi Lachitatu m'mawa, pa foni ndi pa kompyuta. Ndatsimikiza kuti zilembo zakwana 8, palibe mpata, ndipo chitupa changa sichinathe masiku. Ndaphatikiza chithunzi cha tsamba lomwe likundikana ndi lisiti la ndalama yomwe ndinalipira. Ndikupempha kuti muone ngati nambala yanga inalembedwa bwino m'kaundula wanu. Ngati sizingatheke Lachisanu lisanafike, chonde ndiuzeni njira ina yoperekera fomu yanga."

Pansi pake tinaika nambala ya chitupa, tsiku lobadwa, nambala ya fomu ndi nambala ya foni yomwe amapezeka nayo.

Taonani mmene kalatayi ikuyendera. Yanena pomwe vuto lili, mawu enieni a makina, zomwe tayesa kale ndi chomwe tikupempha. Mzere wonena zomwe mwayesa kale musausiye, chifukwa mukapanda kutero yankho loyamba lidzangokhala loti "yesaninso", ndipo tsiku lathunthu lapita. Mulibenso mawu onyoza. Mdzukulu wanga ankafuna kuwonjezera kuti makina awo ndi achabechabe, koma ndinamuletsa. Wowerengayo si amene anapanga makinawo, ndipo ndi yemweyo amene tikufuna atigwire dzanja.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili. Adiresi yotumizira imelo muitenge pa tsamba lenileni la bungwelo kapena pa chikalata chawo, osati m'magulu a WhatsApp. Pasiwedi yanu, nambala yachinsinsi ya ku banki kapena ya ndalama za pafoni, ndi kanambala kobwera pa uthenga kotsimikizira kuti ndinu, musapatse munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku ofesi. Chithunzi cha chitupa chenichenicho musathamangire kutumiza asanakupempheni. Ndipo wina akati mumutumizire "kangachepe" pa foni yake kuti akukonzereni msanga, dziwani kuti mwakumana ndi tambwali.

Yankho linabwera Lachinayi masana. Vuto silinali la mwanayo ayi. Tsambalo linkayerekeza nambala ndi mndandanda wa mayina omwe iwo anali nawo kale, ndipo amene analowetsa dzina lake m'mndandandamo analemba O pomwe panayenera kukhala 0. Akanayesa maulendo zana, makina akanamukanabe, chifukwa chokonza chinali mbali yawo. Anakonza, ndipo fomu inalowa usiku womwewo.

Koma si nthawi zonse pomwe imelo imathetsa nkhani. Ngati cholakwika chili pa chitupa chenichenicho, monga dzina kapena tsiku lobadwa, a pa tsambalo sangasinthe kanthu. Pamenepo muyenera kupita ku ofesi ya NRB ya m'boma lanu. Ndipo mukaona kuti masiku awiri ogwira ntchito adutsa kuli zii, musayambe kalata yatsopano. Yankhani pa imelo yomweyo kuti mbiri yonse ikhale pamodzi, kenako imbani foni kapena pitani nokha ndi pepala losindikizidwa la imeloyo. Tsiku lomwe lili pamwamba pake ndi umboni wanu woti munadandaula nthawi isanathe.

Makolo anzanga, mwana akakuuzani kuti makina akumukana, musathamangire kumukalipira kuti ndi wosasamala. Khalani naye pansi, tulutsani chitupa, muwerengere limodzi zilembo 8 zija, ndipo zikakanika lembani kalata tsiku lomwelo. Akulu anati safunsa anadya phula.