Tizilembo ta pa mankhwala: foni ibwezeni m'mbuyo

Mayi anga aang'ono ali ndi matenda a shuga, ndipo maso awo ayamba kuchita chidima. Tsiku lina ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. "Mwananga, tandionera apa, mapiritsiwa sanathe mphamvu?" Pachithunzipo panali kuwala kwa mbee pakati, m'mbalimu tizilembo tosungunuka ngati tanyowa ndi mvula.

Cholakwika chinali choti foni anaiyandikiza kwambiri. Ambiri timatero, poganiza kuti kuyandikira ndiye kuona bwino. Koma kamera ya mafoni ambiri imalephera kugwira chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10. Ndinawauza kuti aike kapaketiko patebulo, foni aibweze m'mbuyo masentimita 15 kapena 20, akulitse kawiri ndi zala, kenako adine pamene pali tizilemboto mpaka tioneke takuthwa, ndiye ajambule. Zigongono azitsamiritse patebulo, chifukwa dzanja likanjenjemera pang'ono pokha, 3 amasanduka 8.

Kuwala kwa mbee kuja kunachokera ku tochi ya foni. Kapepala konyezimira kokutira mapiritsi kamabweza kuwala ngati galasi. Vuto linanso n'lakuti pamapaketi ambiri deti sililembedwa ndi inki, amangolidinda m'mphepete, manambala n'kukhala timaenje. Timaenje totero timaoneka chifukwa cha mthunzi wake, ndiye tochi izimitsidwe, kapaketiko kakhale pafupi ndi zenera kuti kuwala kuzibwera cham'mbali. Mukakapendeketsa pang'onopang'ono, manambala aja amatumphuka okha.

Chithunzi chachiwiri chinabwera chooneka bwino, koma anali atadula chiyambi cha mzere, moti panangotsala 08/2024. Deti lokhalokha chonchi silinena kanthu. MFG ndi nthawi imene mankhwala anapangidwa, EXP ndi pamene athere mphamvu, ndipo mizere iwiriyi imakhala yogundizana. Pakalembedwa EXP ndi mwezi ndi chaka basi, mankhwalawo amagwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la mweziwo.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine si deti, koma kadontho. Pa 2.5 mg kadonthoko n'kochepa ngati kambewu ka bonongwe, ndipo pachithunzi chosagwira bwino kamasowa, munthu n'kuwerenga 25. WhatsApp nayo imachepetsa chithunzi potumiza, ndipo tinthu tating'ono ndi timene timayamba kufufutika. Mukatumiza posankha Document, chimafika mmene munachijambulira. Chithunzi chikakhala chosagwira, kuchikulitsa sikubweza chimene kamera sinaone, chimangofunika kujambulanso. Nambala ya mlingo ikakanabe kuoneka, paketiyo ipite nayo kwa wopereka mankhwala akaione ndi maso.

Ulendo wachitatu mayi aja anajambula kapaketi konse, dzina la mankhwala ndi mizere yonse iwiri. 08/2024 uja anali wa MFG. "Ndiye ndikanataya mankhwala abwinobwino," anatero, n'kundiuza kuti ndidikire, akukatenga botolo la mankhwala a m'maso.