Liwu limodzi pa batani lingakutayitseni ndalama

Tiyerekeze kuti mwayamba kutumiza ndalama kumudzi pa lamya ya m'manja, kenaka mwaona kuti nambala yalakwika. Lamya ikufunsa ngati mukufunadi kuletsa, ndipo pansi pali mabatani awiri, `OK` ndi `Cancel`. Womasulira wasandutsa `Cancel` uja kukhala "Letsani". Kodi inu mudina pati?

Ambiri adina "Letsani", poti ndi zomwe akufunazo. Koma pamenepa `Cancel` akutanthauza kuti tsekani funsoli, zinthu zipitirire monga zinalili. Ndalama zija zapita kwa munthu wachilendo.

Vuto limayambira pa momwe ntchitoyi imaperekedwera. Kawirikawiri womasulira saona pulogalamu yeniyeniyo. Amangolandira mndandanda wa mawu, Chingerezi kumanzere, malo olembapo Chichewa kumanja, osadziwa kuti liwu lililonse likakhala pati. `Open` pa batani ndi lamulo lakuti "Tsegulani", pomwe `Open` pansi pa dzina la sitolo akunena kuti "Ndi yotsegula". Pamndandandapo mawu awiriwa amaoneka ngati amodzi.

N'chifukwa chake omasulira ozindikira amayamba apempha chithunzi cha tsamba lomwe liwulo likupezeka. Pa nkhani ya ndalama ija, mankhwala ake ndi kulemba pa batani zomwe zichitike munthu akadina: "Inde, letsani" ndi "Ayi, tumizani". Mawuwa ndi aataliko, choncho ayenera kuyesedwa pa lamya yaing'ono kuti asaduke.

Koma pomwe Chichewa chimavutitsa kwambiri ndi pa uthenga wokhala ndi mpata, monga uwu:

```
%s deleted
```

Pa `%s` pulogalamu imaikapo yokha dzina la chinthu chomwe chachotsedwa. M'Chingerezi liwu lotsatiralo silisintha. Kwathu kuno mneni amatsata dzina: chithunzi chafufutidwa, uthenga wafufutidwa, nyimbo yafufutidwa, zithunzi zafufutidwa. Womasulira akangosankha "chafufutidwa", tsiku lina mudzawerenga kuti "uthenga chafufutidwa", Chichewa chomwe ngakhale mwana wa sitandade 1 angachiseke. Mukaona zotere, dziwani kuti chiganizocho chinasokedwa ndi makina kuchokera ku zidutswa.

Njira yachidule ndi kutembenuza chiganizo kuti mwini nkhani akhale wogwiritsa lamyayo: "Mwafufuta %s". Apa chithunzi, uthenga ndi nyimbo zonse zikulowa bwinobwino popanda kusintha kanthu. Komabe njirayi ili ndi malire. Ngati uthengawo waufufuta ndi mnzanu amene anautumiza, kapena pulogalamu yauchotsa yokha, "Mwafufuta" akukunamizirani mlandu. Zikatero womasulira sangachitire mwina koma kubwerera kwa wopanga pulogalamu kukapempha kuti chinthu chilichonse chikhale ndi chiganizo chakechake, china cha chithunzi, china cha uthenga, ndipo opangawo sakonda kumva zimenezi chifukwa ndi ntchito yowonjezera.