Zinthu 5 zodabwitsa za kuchuluka kwa sukulu zofunika pa kafukufuku

1. Ana 1,920 angathe kukuuzani zofanana ndi zimene ana 400 akanakuuzani. Ochita kafukufuku wa maphunziro satola mwana mmodzi ku Chitipa, wina ku Nsanje. Amayamba asankha sukulu, kenako n'kutenga ana angapo pa sukulu iliyonse. Koma ana a sukulu imodzi amafanana: mphunzitsi ndi yemweyo, mabuku ndi omwewo, njala ikavuta imawavuta onse. Mwana wachiwiri amabwereza zambiri zimene woyamba wanena kale. Kufananaku kumayezedwa ndi nambala ρ, yowerengedwa kuti "ro", imene pa kompyuta imalembedwanso ICC. Imaonetsa gawo la kusiyana kwa malikisi lomwe limachokera pa kusiyana kwa sukulu. Ikakhala 0, ana a sukulu imodzi safanana kuposa ana ena onse. Ikakhala 1, mukadziwa malikisi a mmodzi mwadziwa a sukulu yonse.

Leslie Kish, m'buku lake la 1965, anapereka njira yowerengera kuti ana ofunika achuluka kangati, pomwe m ndi ana otengedwa pa sukulu iliyonse:

```
deff = 1 + (m - 1) × ρ
```

Tinene kuti tikufuna zotsatira zodalirika ngati za ana 400 otoledwa mwachisawawa m'dziko lonse, ρ ndi 0.2, ndipo tikutenga ana 20 pa sukulu. 19 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 3.8, kuonjezera 1 ndi 4.8. Tikachulukitsa 400 ndi 4.8, ndiye kuti pafunika ana 1,920, omwe ndi sukulu 96.

2. Kuwirikiza ana pa sukulu iliyonse kumangochotsa sukulu 8. Maganizo oyamba a wosunga thumba amakhala akuti, poti galimoto yafika kale ndipo mafuta tawononga kale, bwanji osayesa ana 40? Tiwerengere. Deff ikwera kufika 8.8, ana ofunika akhala 3,520, sukulu 88. Mwasindikiza ndi kuchonga mapepala ena 1,600 kuti mupewe maulendo 8 okha.

Ndipo pali malire osadumphika. Sukulu imodzi, ngakhale mutayesa mwana aliyense wa Sitandade 6, singapose ana 1/ρ otoledwa mwachisawawa, omwe pano ndi ana 5. Choncho pa dziko la sukulu zikwizikwi simungatsike pansi pa sukulu 80. Ine ndimaona kuti kutsitsa ana n'kwanzeru nthawi zambiri: ana 10 pa sukulu amafuna sukulu 112 ndi mapepala 1,120 basi. Chimene chingakubwezeni ndi mtengo wa ulendo, makamaka nthawi ya dzinja misewu ikaduka.

3. ρ si nambala ya dziko, ndi ya funso lililonse. Kafukufuku mmodzi amakhala ndi ma ρ ambiri. Kuwerenga kuli ndi yake, masamu ali ndi yawo. Funso loti kodi pa sukulu pali mjigo lili ndi ρ ya 1, pakuti ana onse 20 akunena za mjigo womwewo; pamenepo muli ndi mayankho 96, osati 1,920. Imasiyananso ndi malo. Mu kafukufuku wa SACMEQ, amene amayesa ana a chaka chachisanu ndi chimodzi cha pulayimale ndipo Malawi amatenga nawo mbali, South Africa inapezeka ndi ρ yaikulu kwambiri kuposa Seychelles, chifukwa sukulu zake n'zosiyana kwambiri. Kubwereka nambala ya dziko lina n'koopsa: ρ ikakhala 0.1, ana 20 pa sukulu amafuna sukulu 58, koma ikakhala 0.4 zifunika 172.

4. Mphamvu ya ρ yooneka yaing'ono imakula ndi kukula kwa kalasi. 0.02 ingaoneke yosafunika kuiganizira, koma mukayesa ana 101 pa sukulu, deff imafika 3.

5. Lipoti lonyalanyaza ρ limaoneka labwino kuposa lolondola. Mukalowetsa ana 1,920 aja mu kompyuta osaiuza kuti anachokera m'sukulu 96, ndipo theka la iwo anakhoza, idzanena kuti chiwerengero chenicheni chili pakati pa 48 ndi 52 peresenti. Zoona zake ndi 45 mpaka 55. Apa ndi pamene anthu amalengeza kuti ntchito yogawa mabuku yakweza malikisi, pomwe kusiyanako kwangobwera ndi sukulu zimene zinagwera maere, ndipo ndalama zimatsatira lipotilo.

Mukamawerenga lipoti, yang'anani ngati latchula chiwerengero cha sukulu ndi deff, osati ana okha. Ngati muli ndi malikisi a kafukufuku wakale, Stata ikupatsani ρ ndi mzere umodzi:

```
loneway malikisi sukulu
```

Yang'ananinso malire a m'munsi ndi a m'mwamba omwe amatuluka pambali pake. ρ yochokera pa sukulu 15 zokha imagwedezeka kwambiri, choncho powerengera sukulu za kafukufuku watsopano gwiritsani ntchito nambala yoyandikira malire a m'mwamba.