Macheza Akuoneka Pamndandanda, Koma Makina Sakuwakumbuka

Aliyense wogwiritsa ntchito ChatGPT amaudziwa mndandanda wa mitu umene umakhala kumanzere kwa sikirini, kapena umene umatuluka mukadina timizere ta pakona pa foni. Macheza a dzulo ali pamwamba, a mwezi watha ali m'munsi. Choncho anthu ambiri amangoganiza kuti zonsezo zili m'mutu mwa makina amene amawayankha. Sizili choncho, ndipo kusadziwa zimenezi kukhoza kumulowetsa munthu m'mavuto.

Pali zinthu ziwiri zosiyana. Mndandandawo ndi zolemba zimene kampani ya OpenAI imasunga pamakompyuta ake, pansi pa akaunti yanu, n'chifukwa chake mumaupezanso mukalowa pa foni ina. Chimene chimapanga mayankho ndi modelo, pulogalamu yomwe inaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri isanayambe ntchito. Pamene mukucheza nayo, zimene inaphunzirazo sizisintha. Simukuiphunzitsa chatsopano mphindi imeneyo, ndipo payokha singatsegule mndandanda uja.

Nanga imadziwa bwanji zimene mwalemba mphindi zisanu zapitazo? Nthawi iliyonse mukatumiza uthenga, pulogalamu ya pafoniyo imachititsa kuti macheza amenewo atumizidwenso kwa modelo pamodzi ndi uthenga watsopanowo. Modelo imawerenga zonsezo, n'kuyankha. Zili ngati dokotala wa pachipatala chachikulu amene sakukumbukani nkhope, koma amadziwa matenda anu chifukwa mwamupatsa buku lanu la kuchipatala. Buku losiyidwa kunyumba silingamuthandize, ngakhale zonse zitalembedwamo bwino.

Tiyerekeze mayi woweta nkhuku zanyama. Lolemba analemba kuti ali ndi anapiye 100, ndipo pomaliza pa machezawo panatuluka chiwerengero cha matumba 8 a chakudya, lililonse la makilogalamu 50, kuti afike masabata asanu ndi limodzi. Lachinayi wadina New chat, akufuna kukumbutsidwa matumba aja. Macheza a Lolemba akuwaona ndi maso ake pamndandanda, koma modelo yalandira tsamba lopanda kanthu. Zikayenda bwino, yankho lisonyeza kuti nkhaniyo sikudziwika. Zikavuta, patuluka nambala yongopeka, yolembedwa motsimikiza ngati yakumbukiridwa. Choopsa n'chimenechi, chifukwa mayiyo akhoza kupita nayo kusitolo. Chomuthandiza n'kutsegula macheza a Lolemba omwewo n'kupitiriza momwemo, kapena kukopera manambalawo n'kuwaika m'macheza atsopano.

Ngakhale m'macheza amodzi muli malire. Modelo imatha kuwerenga mawu ochuluka mpaka mlingo winawake pa nthawi imodzi. Macheza akatalika kwambiri, zoyambirira zimadulidwa kapena kufupikitsidwa musanauzidwe. Inu mukakwera m'mwamba mumazionabe zonse. Chizindikiro chake n'chakuti mayankho amayamba kutsutsana ndi zomwe munagwirizana poyamba, mwina anapiye 100 aja asanduka 50.

Wina anena kuti, “Koma yanga imadziwa dzina langa ndi ntchito yanga ngakhale m'macheza atsopano.” N'zoona. M'chaka cha 2024 OpenAI inayambitsa gawo lotchedwa Memory, ndipo mu Epulo 2025 inaliwonjezera kuti lizitolanso zina kuchokera m'macheza akale. Komabe uku si kukumbukira kwa modelo yeniyeniyo. Pulogalamu imalemba timfundo tokhudza inu pamalo ena, ndipo imatilowetsa mwakachetechete kumayambiriro kwa macheza atsopano kuti modelo itiwerenge. N'chifukwa chake ikhoza kudziwa kuti mayi uja amaweta nkhuku, koma n'kuphonya chiwerengero cha matumba. Ine sindingaidalire pa nkhani ya ndalama kapena mlingo wa mankhwala.

Mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya kufufuta. Munthu akalemba zachinsinsi, monga matenda kapena ngongole, amafufuta machezawo pamndandanda n'kuganiza kuti zatha. Koma kamfundo kamene kanasungidwa kale mu Memory sikachoka chifukwa choti macheza ake afufutidwa. Kamafunika kukachotsa pakokha. Kwa ife amene foni imodzi imayenda m'manja mwa banja lonse, zotsatira zake n'zoonekeratu: mwana akulemba za homuweki, yankho n'kubwera litatchula zimene kholo linkaganiza kuti linabisa.

Pankhani yomwe simukufuna kuti itsale, gwiritsani ntchito Temporary Chat, imene sionekera pamndandanda ndipo silemba kanthu mu Memory. Ndipo ngati simunayang'anepo, lowani mu Settings, kenako Personalization, mupeze Memory, muwerenge zimene zinalembedwa za inu. Zomwe simukuzifuna zichotseni lero lomwe.