Foni ya Anakubala Ikakana Pulogalamu ya Banki Mkhonde

Tiyerekeze kuti mnyamata wina ku Mponela wapangira gulu la banki mkhonde kapulogalamu ka pafoni. Ntchito yake ndi yochepa: kulemba masheya ndi kukumbutsa aliyense tsiku lobweza ngongole. Pafoni yake yatsopano kakuyenda bwino. Koma msungichuma wa gululo, mayi wa foni ya itel imene anagula kalekale, akafuna kukatsitsa pa Google Play amangolandira uthenga wakuti `Your device isn't compatible with this version`. Foniyo siinafe ayi. Mayiyo watsekeredwa kunja ndi nambala imodzi imene mnyamatayo analemba osaiganizira.

Mtundu uliwonse wa Android uli ndi nambala yake imene opanga mapulogalamu amaitcha API level. Android 7.0 ya mu 2016 ndi 24, Android 8.0 ya mu 2017 ndi 26, Android 13 ya mu 2022 ndi 33, pamene Android 15 ndi 35. Wopanga pulogalamu amasankha nambala ziwiri n'kuzilemba mu `build.gradle`:

```
minSdk = 24
targetSdk = 35
```

Yoyambayo ndi mlonda wa pachipata. Foni iliyonse yosafika pa 24 siloledwa kulowa. Yachiwiri sitsekera munthu aliyense. Imangouza foni kuti pulogalamuyi inayesedwa mpaka pa Android 15, choncho malamulo onse ofika pamenepo aigwire. Apa ndi pamene ambiri ongoyamba kumene amasokonezeka. Amaganiza kuti akafuna zatsopano ayenera kukweza nambala zonse ziwiri, ndipo amataya anthu popanda chifukwa.

Pa nambala yachiwiriyi ufulu wosankha ndi wochepa. Kuyambira pa 31 Ogasiti 2025, Google Play inalamula kuti pulogalamu yatsopano ya pafoni, kapena yokonzedwanso, ikhale ndi `targetSdk` yosachepera 35, ndipo malirewa amakwera chaka ndi chaka. Ngakhale wogawa pulogalamu yake pa Bluetooth sathawiratu: Android 14 imakana kulandira pulogalamu imene `targetSdk` yake ili pansi pa 23.

Ntchito yeniyeni ili pakati pa nambala ziwirizi, ndipo chikumbutso cha ngongole chija chikuonetsa bwino. Pa Android 7 pulogalamu imangotumiza uthenga, foni n'kulira. Kuyambira pa 26, uthenga uliwonse uyenera kukhala ndi njira yake yolembetsedwa, yotchedwa `NotificationChannel`. Ukaiwala, uthengawo sutuluka. Pa 33 panabweranso lamulo lina: pulogalamu iyambe yapempha chilolezo kwa mwini foni. Ikapanda kupempha, amene wangoitsitsa kumene pafoni yatsopano salandira chikumbutso chilichonse, ndipo palibe chimene chimamuchenjeza. Amadzazindikira tsiku la msonkhano akulipitsidwa chindapusa.

Vuto limabweranso kuchokera mbali inayo. Foni ya Android 7 siidziwa `NotificationChannel`, ndiye pulogalamu ikaitchula mosafunsa imadzitsekera yokha nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi kufunsa foni msinkhu wake usanaipatse ntchito:

```
if (Build.VERSION.SDK_INT >= 26) {
    manager.createNotificationChannel(channel)
}
```

Foni yakale imadumpha mzerewu, yatsopano imautsata, ndipo pulogalamu ndi imodzi yomweyo. Android Studio imachenjeza ndithu ukaiwala, ndi mawu akuti `Call requires API level 26`. Kungoti ena akaona chenjezoli amakweza `minSdk` kufika pa 26 kuti mzere wofiira uchoke. Mzere umachokadi, koma umachoka pamodzi ndi msungichuma uja. Zimandiwawa chifukwa amene amatayidwa motere ndi amene sangagule foni ina mawa.

Sindikunena kuti nambala yapansiyi izitsitsidwa mpaka kalekale. Msinkhu uliwonse umene waulola ndi foni ina yoti uyesere, ndipo zida zimene opanga mapulogalamu amabwereka kwa anzawo zili ndi malire awoawo. Chimodzi chikafuna 23, iwe sungakhale pa 21 popanda kuchisiya. Ndiye mnyamata wathu asayambire pa kompyuta. Apite pa msonkhano wa gulu, apemphe mafoni, atsegule `Settings`, kenako `About phone`, alembe Android ya aliyense. Ngati mwa anthu 30 asanu ali pa Android 7 ndipo palibe wotsika kuposa pamenepo, 24 ndiyo nambala yake. Pulogalamu ikakhala pa Google Play, Play Console imamuonetsa mitundu ya Android imene anthu ake akugwiritsa ntchito, ndipo adzakweza nambalayo akadzaona kuti mafoni a Android 7 atha m'gululo. Pakali pano abwereke foni ya msungichuma madzulo amodzi, aikemo chikumbutso cha mphindi zisanu, adikire amve ngati ilire.